Alendo athu ndi ambiri kuposa awo, ndalama za ukwati tigawane bwanji?

"Ine kwathu ndi ku Dedza, bwenzi langa kwawo ndi ku Mzimba, ndipo ukwati tikufuna kuchitira ku Lilongwe. Akwathu alemba alendo 160, akuchimuna 80, kuonjezerapo anzathu 60. Amalume anga akuti mabanja awiriwa agawane ndalama pakati ndi pakati. Apongozi akuti iwo analowola kale, ndiye asapanikizidwenso. Akwathu nawo akuti chinkhoswe anaphika okha. Ine ndangokhala pakati, komiti yaima. Chilungamo chake n'chotani pamenepa?"

Achemwali, anthu anuwa akukangana chifukwa akuyang'ana chiwerengero chimodzi chachikulu chomwe chili pansi pa bajeti. Ndalama za ukwati si zamtundu umodzi. Zilipo zamwambo, zilipo zomwe sizisintha kaya kubwere anthu 50 kaya 500, ndiye zilipo zomwe zimakwera munthu aliyense akawonjezereka pa mndandanda. Mukazilekanitsa, mudzaona kuti amalume anu akulondola pena, apongozi anunso akulondola pena.

Tiyambe ndi zamwambo, poti m'pamene pali moto. Kwa a ku Mzimba, malowolo ndi amene amamanga banja, ndipo munthu amene wapereka ng'ombe kapena ndalama zake amadziona kuti mbali yake wakwaniritsa. Kwanu ku Dedza chimene chimamanga banja ndi chinkhoswe: ankhoswe aonane, apatsane tambala ndi msoti, akuchimuna atule khasu ndi nkhwangwa, akuchikazi atulutse lichero ndi mthiko, anthu adye. Mwachizolowezi chinkhoswe chimachitikira kwa mkazi, choncho nkhuni, ufa ndi ndiwo zimagwera akwanu. Langizo langa n'lakuti zonse ziwirizi zisalowe m'buku la komiti ya ukwati. Malowolo si chikole cha holo, ndipo nsima ya pa chinkhoswe si ngongole yoti akuchimuna abweze. Mukangoyamba kuziwerengera, mudzafika poika mtengo pa mwambo wa anzanu, ndipo mawu otuluka pamenepo amakumbukika zaka zambiri ukwati utatha.

Komabe pali funso limodzi limene akwanu ayenera kuyankha moona mtima. Malowolo aja anawalandira, pamene pa Chichewa penipeni sakanayembekezera zochuluka chotero. Anapita kuti? Ngati gawo lina likadalipo, n'chanzeru kuti lithandize pa mbali ya akuchikazi. Apongozi akamva kuti ndalama zawo zina zagwira ntchito pa tsiku la ana awo, mtima umatsika. Koma zimenezi anene ndi amalume anu mwa kufuna kwawo, osati akuchimuna kuchita kulamula.

Tsopano zosasintha. Holo, zokongoletsa, zokuzira mawu, woyendetsa mwambo, ojambula ndi keke, mtengo wake ndi womwewo posatengera kuti mbali iti yadzaza mipando. Apa ndiye pamene amalume anu akulondola, pakati ndi pakati. Ndiika mitengo yongoyerekeza kuti tione kawerengedwe kake, inu mudzaikepo yeniyeni yomwe mwapatsidwa. Tinene kuti zonsezi zikukwana K2,400,000. Banja lililonse lipereke K1,200,000. Chenjezo lake ndi ili: ngati munayenera kutenga holo yaikulu chifukwa cha kuchuluka kwa alendo a mbali imodzi, kusiyana kwa mtengo wa holo yaing'ono ndi yaikuluyo kupite kwa eni alendowo. Chimodzimodzi amene akuumirira maluwa odula kapena galimoto zapamwamba zomwe ena sanazifune, aonjezere yekha.

Chakudya, zakumwa, mipando ndi makadi zimayenda ndi mitu ya anthu, ndipo apa apongozi anu ali ndi mfundo. Tinene kuti wophika akuti munthu mmodzi ndi K10,000, chakumwa ndi mpando zili momwemo. Alendo 160 a kwanu ndi K1,600,000. Alendo 80 a kuchimuna ndi K800,000. Anzanu 60 aja ndi K600,000, ndipo imeneyo ndi yanu awirinu pamodzi ndi zomwe anzanuwo asonkhe ku komiti, musaikankhire kwa makolo. Tikaphatikiza ndi zosasintha zija, akwanu apereka K2,800,000, akuchimuna K2,000,000. Mukanagawa pakati ndi pakati, banja lililonse likanapereka K2,400,000, kutanthauza kuti a ku Mzimba akanalipirira mbale 40 za alendo a ku Dedza omwe sakuwadziwa n'komwe.

Mwina amalume anu aona ngati akuluza, poti akwanu akupereka K800,000 kuposa akuchimuna. Muwakumbutse za msewu. Kuchoka ku Dedza kufika ku Lilongwe munthu amanyamuka m'mawa n'kupezeka ku tchalitchi nthawi yabwino, madzulo n'kukagona kwawo. A ku Mzimba ayenera kuchita hayala basi, kufika dzulo lake, kupeza pogona ndi chakudya cha masiku awiri. Zimenezi mbali iliyonse imadzilipirira, koma zilembedwe poyera kuti aliyense azione. Ngati basi ndi malo ogona zawadyera K700,000, ndiye kuti atulutsa K2,700,000, pafupifupi mofanana ndi akwanu. Kawirikawiri mkangano umazizira pamene anthu aona mzere umenewu.

Ubwino wina wa kawerengedwe aka ndi wakuti mndandanda umadziletsa wokha kukula. Azakhali akabwera ndi maina ena khumi a kumpingo kwawo, yankho lake ndi losavuta: palibe vuto, ndi K100,000. Mudzadabwa kuti maina ena amafufutika okha. Komanso tonse tikudziwa kuti pa ukwati wa kuno kwathu sipalephera obwera opanda khadi. Uzani wophika aonjezere mbale 30, ndipo ndalama yake muigawe pakati, chifukwa anthu amenewo sadzavala chikwangwani chonena kuti ndi a mbali iti.

Akwanu akhoza kunena kuti ndalama zonsezo alibe, koma ali ndi mbuzi, nkhuku, mbatata ya kachewere ndi nyemba. Zimenezo ndi chopereka chenicheni, zilandiridwe. Vuto limabwera pa mtengo, chifukwa mwini mbuzi nthawi zonse amaiona yonenepa. Njira yosakondera ndi kufunsa wophikayo kuti, tikakubweretserani mbuzi ziwiri ndi matumba awiri a mbatata, muchotsa zingati pa bilu? Chimene wachotsacho ndicho chilembedwe pa dzina la banjalo. Mufunse msanga, poti ophika ena salola ndiwo zobwera nazo.

Za perekaniperekani mugwirizane tsiku lisanafike, ndipo musaike ndalama imeneyi mu bajeti ngati kuti ili kale m'manja. Ndi mphatso ya banja latsopano. Ngati pali ngongole yoti idzabwezedwe kuchokera m'mbale imeneyo, ilembedwe lero, ndi dzina la wokongoza ndi kuchuluka kwake. Powerenga ndalamazo pakhale munthu mmodzi wa mbali iliyonse. Chimodzimodzi malonjezo a mu komiti: werengani zokhazo zimene zafika kwa msungichuma, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo muike tsiku lomaliza, mwezi wathunthu ukwati usanachitike. Zikapanda kukwana pofika tsikulo, mbali yomwe yaperewera ichepetse makadi ake.

Pepala limeneli musalitengere nokha kwa apongozi, ndipo bwenzi lanu asakalimbane ndi amalume anu. Khalani pansi awirinu, lembani magawo atatuwa ndi mitengo yake, aliyense akapereke kwa nkhoswe wake. Ankhoswe awiriwo akumane paokha komiti isanakhalenso, kuti pofika ku msonkhano nkhani ya malowolo ndi chinkhoswe ikhale itatha kale, patsale za holo ndi mbale basi.