Kusiya ntchito ya unamwino kupita kusukulu: notisi, bondi ndi ndalama zotsala

"Ndine namwino wa m'wodi ya amayi pa chipatala china chomwe si cha boma. Ndagwirapo zaka zinayi ndipo ndimalandira K450,000 pamwezi. Anditenga ku maphunziro a digiri omwe akuyamba pa 1 Seputembala, koma kalata yondiitana ndailandira lero, pa 13 Ogasiti. A metironi akuti sindingachoke mpaka atapeza wina. Palinso bondi ya zaka zitatu yomwe ndinasaina chipatala chitandilipirira kosi ya uzamba, ndipo kwatsala chaka chimodzi. Kalata yosiya ntchito ndiilembe bwanji?"

Mayi, tiyambe ndi mawu a metironi, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Alibe maziko m'malamulo. Kusiya ntchito sikupempha chilolezo ayi, ndi kudziwitsa. Gawo 29 la Lamulo la Zolemba Ntchito la mu 2000 limati mgwirizano wa ntchito wopanda tsiku lothera utha kuthetsedwa ndi mbali iliyonse, wolemba kapena wolembedwa, bola apereke notisi yolemba. Kwa munthu wolandira pamwezi ngati inu, notisiyo isachepere mwezi umodzi. Kupeza namwino wina ndi mutu wa chipatala, ndipo mwezi wa notisi unaikidwa kuti iwo athane nazo zimenezo. Komabe tulutsani kalata yomwe anakulemberani ntchito muiwerenge. Lamulo langoika nthawi yochepetsetsa, ndiye ngati munasainira notisi ya miyezi itatu, imeneyo ndi imene ikukumangani.

Musanalembe kalata yosiya ntchito, funsani kaye ngati malamulo a pachipatala panu ali ndi tchuthi cha maphunziro, ngakhale chosalipidwa. Lamulo la mu 2000 silikakamiza bwana kupereka tchuthi chotere, choncho atha kukana, koma funsani molemba ndipo muwapatse masiku awiri kapena atatu oti ayankhe. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa kalata yosiya ntchito ikangofika m'manja mwawo simungaibweze mwa inu nokha. Sukulu itasintha tsiku, kapena fizi itavuta, kubwerera pantchito kudzadalira chifundo chawo.

Vuto lanu lenileni ndi kalendala. Mukapereka kalata pa 14 Ogasiti, mwezi wa notisi ukutha cha pa 13 Seputembala, pomwe inu mukufuna kuti shifiti yanu yomaliza ikhale pa 31 Ogasiti. Pakuperewera masiku 13, ndipo mukachedwa kuipereka podikira yankho la tchuthi cha maphunziro, masiku operewerawo awonjezeka. Gawo 30 limati wogwira ntchito akachoka osakwanitsa notisi, bwana asanamukhululukire, amalipira ndalama yofanana ndi malipiro omwe akanalandira mpaka notisiyo itatha. Tikagawa K450,000 ndi masiku 30 tikupeza K15,000 patsiku, ndiye masiku 13 ndi K195,000. A ku akaunti ena amawerengera masiku ogwira ntchito okha, choncho chiwerengero chawo chitha kusiyana pang'ono ndi changa, koma chisafike pa malipiro a mwezi wonse pomwe theka la notisi mwaligwira. Gawo lomwelo limalola bwana kukhululuka notisi yotsalayo. Mutha kupemphanso kuti masiku anu a tchuthi omwe simunatenge akwirire kusiyanako. Zonse ziwirizi zimafuna kuti iwo avomere, ndipo kuvomera kwa pakhonde, koti "basi pitani, tiona", sikudzakuthandizani tsiku lowerengera ndalama. Alembe ndi kusaina.

Kalatayo ikhale yaifupi. Ilembedwe kwa amene anasaina kalata yokulembani ntchito, kudzera kwa a metironi, ndipo mfundo zake zikhale izi, kaya muilemba m'Chingerezi monga amachitira m'maofesi ambiri:

"Ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya unamwino m'wodi ya amayi chifukwa ndikukayamba maphunziro a digiri pa 1 Seputembala. Kalata ino ndi notisi yanga kuyambira lero, pa 14 Ogasiti. Ndikupempha kuti tsiku langa lomaliza likhale pa 31 Ogasiti, ndi kuti masiku otsala a notisi mundikhululukire kapena muwachotse pa tchuthi changa. Ndikupemphanso chikalata chotsimikiza nthawi yomwe ndagwira ntchito pano, komanso kuti tikambirane za bondi yanga."

Madandaulo a mashifiti a usiku kapena kuchepa kwa anthu m'wodi musawaikemo. Chifukwa chanu chochokera ndi sukulu, ndipo kalatayi idzakhala mu fayilo yanu zaka zambiri. Lembani makope awiri. Wolandirayo adinde chidindo, alembe tsiku ndi kusaina pa kope lanu, chifukwa notisi imayamba kuwerengedwa tsiku lomwe yafika, osati lomwe munailemba. Akakana kulandira, itumizeni pa imelo ya ofesi tsiku lomwelo ndipo musunge umboni.

Bondi ija ndi nkhani yosiyana ndi notisi. Singakutsekereni pakhomo, chifukwa gawo 4 la lamulo lomweli limaletsa kugwiritsa munthu ntchito mokakamiza. Chomwe imachita ndi kukusiyirani ngongole. Kukula kwa ngongoleyo kuli m'mawu a pepala lomwe munasaina, ndiye lifufuzeni mpaka mulipeze. Mabondi ena amati wochoka msanga abweze ndalama zonse, ena amati abweze molingana ndi nthawi yotsala. Ngati yanu ili ya mtundu wachiwiriwu, ndipo tiyerekeze kuti kosi inadya K900,000, chaka chimodzi pa zaka zitatu ndi K300,000. Ngati ili yoti mubweze zonse, kambiranani nawobe pogwiritsa ntchito masamu omwewa, poti zaka ziwiri mwawagwirira kale ndipo zomwe ataya pa kuchoka kwanu si ndalama yonse. Afunseni malisiti a zomwe analipiradi. Zipatala zina zimalola kuimitsa bondi kuti munthu adzamalize chaka chotsalacho akabwera kusukulu, ndipo kwa inu imeneyi ingakhale njira yotsika mtengo kuposa zonse.

Pa ndalama zolandira, musayembekezere zambiri. Chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2010, ndalama ya chipukuta misozi ya m'gawo 35 imaperekedwa kwa ochotsedwa chifukwa ntchito yachepa kapena kampani yavutika, ndi ochotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Zanu ndi malipiro a masiku omwe mwagwira, ovataimu ndi maalawansi omwe sanakupatseni, komanso ndalama ya masiku a tchuthi otsala. Gawo 53 limati zimenezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Penshoni yanu siitayika, koma siibwera limodzi ndi malipiro omaliza. Imakhala kwa osunga thumba la penshoni, choncho tengani sitetimenti muone ngati chipatala chakhala chikutumiza mwezi ndi mwezi. Chikalata chomwe mwapempha m'kalata muja ndi ufulu wanu pansi pa gawo 31, ndipo bondi si chifukwa chokukanizirani.

Tsiku lomaliza musangovula yunifomu n'kumapita. Werengani pamodzi ndi sisitala woyang'anira wodi mankhwala a m'kabati yokhoma, monga petidini, mufananize ndi buku lake, nonse musaine, kenako mupereke makiyi. Botolo limodzi likadzasowa inu mutachoka, nkhani yake itha kukafika ku Khonsolo ya Anamwino ndi Azamba, komwe kuli laisensi yanu. Laisensiyo muziikonzanso pa nthawi yake ngakhale muli kusukulu.

Akakudulani ndalama zomwe simunagwirizane kapena akachedwetsa malipiro, yambirani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, mutanyamula kope lodindidwa lija, bondi, kalata yolembedwera ntchito ndi mapepala a malipiro a miyezi itatu yomaliza. Zikakanika kumeneko, nkhaniyo imapita ku khoti loona milandu ya zantchito.