Paketi ya Roma VF: kodi matimati amenewa angapirire kutentha?

"Achimwene, mnzanga wandipatsa paketi ya mbewu ya matimati yotsegula kale, ndipo kumtunda kwake kunang'ambika. Ndakutumizirani chithunzi. Kodi ndi ya kampani iti, nanga ndi mtundu wanji? Kuno masana kukutentha mpaka madigiri 37, usiku sikutsika pa 25, mvula kulibe, madzi ndimachita kutunga. Ndikufuna mitengo ngati 30. Ndifese kapena ndisataye nthawi?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mtundu wa mbewuyi ukuwerengeka bwinobwino. Pansi pa chithunzi cha zipatsocho palembedwa Roma VF, ndipo zipatso zojambulidwazo zikugwirizana ndi dzinalo, zazitali pang'ono osati zobulungira. Koma pakanakhala kuti dzinalo linang'ambika limodzi, sindikanakuuzani mtundu pongoyang'ana zipatsozo. Matimati ooneka choncho alipo mitundu yambirimbiri, ena a haibulidi ena ayi, ndipo makampani ena amaika chithunzi chilichonse chokongola malinga chikufanana ndi mbewu ili mkatimo. Pa paketi ya mbewu, mawu ndi amene amakhulupirika, chithunzi n'chokopera ogula.

Dzina la kampani linapita ndi chidutswa chinang'ambikacho, ndipo dzina lakuti Roma VF silingatilozere kwa kampani imodzi. Roma anatulutsidwa ndi unduna wa zamalimidwe wa dziko la Amereka ku Beltsville, m'chigawo cha Maryland, m'chaka cha 1955, ndipo Roma VF anabwera pambuyo pake atawonjezeredwa mphamvu yopirira matenda. Si haibulidi, ndiye chifukwa chake simukuona F1 pambali pa dzinalo. Aliyense angathe kuchulukitsa mbewu imeneyi n'kuiika m'paketi yake, choncho makampani ambiri m'mayiko osiyanasiyana amaigulitsa ndi dzina lomweli. Mtundu wa utoto wa paketi sutithandiza kwenikweni, pakuti mapaketi obiriwira ndi ofiira ali ponseponse.

Ngati mukufunitsitsa kudziwa kampani, tembenuzani paketiyo. Kumbuyo, makamaka kumunsi, kumakhala timalemba ting'onoting'ono totchula amene anapakira mbewuyo ndi adiresi yake. Pafupi pomwepo pamadindidwa nambala ya gulu la mbewu, imene kawirikawiri imatsogozedwa ndi mawu akuti Lot, komanso tsiku limene mbewu inayesedwa kapena kupakidwa. Palinso timizere takuda tija amasikana pogulitsa. Manambala atatu oyambirira pansi pa timizereto amasonyeza dziko limene kampani inalembetsa nambala yake: 890 ndi India, 870 mpaka 879 ndi Netherlands. Sasonyeza kumene mbewu inalimidwa, koma amachepetsa malo ofufuza. Jambulani kumbuyoko pamalo owala, paketi itagona pansi mosapindika, foni ili chilunjikire pamwamba pake. Kunena zoona, kwa ine tsiku lodindidwalo ndi lofunika kuposa dzina la kampani. Kampani imatiuza za ukhondo wa mbewu ndi kamerede kake, koma khalidwe la mbewu m'munda limachokera ku mtundu wake, ndipo mtunduwo tikuudziwa kale.

Tsono zilembo ziwirizo. Ndakumanapo ndi anthu amene amaganiza kuti VF ndi chizindikiro cha mbewu yolimba pa chilichonse, chilala chomwe. Ayi ndithu. V akuimira Verticillium ndipo F akuimira Fusarium, mitundu iwiri ya nkhungu ya m'nthaka imene imalowa m'mizu n'kutseka njira za madzi mpaka mtengo kufota. Zilembozi zikungonena kuti Roma VF amapirira matenda awiri amenewo. Kwa inu F ndiye waphindu, chifukwa Fusarium amakonda nthaka yofunda, pamene Verticillium amavuta kwambiri kumalo ozizirirapo. Za kutentha kwa mpweya zilembozi sizikunenapo kanthu.

Vuto lenileni la matimati pamalo otentha lili m'duwa. Mtengo wokha umakula ndithu ukamamwa madzi, masamba amabiriwira, munthu n'kumasangalala. Koma masana akamapitirira madigiri 32 masiku otsatizana, ndipo usiku osatsika pansi pa 21 mpaka 24, mungu umawonongeka. Umachepa, wambiri umakhala wakufa, ndipo mpweya ukauma kwambiri nsonga ya duwa yolandira mungu imaumanso moti mungu sukakamira. Duwa losalandira mungu wamoyo silisanduka chipatso. Mudzadziwa poyang'ana kaphesi kake: pali kamfundo pang'ono chabe pamwamba pa duwa, kamasanduka chikasu, ndipo mukangokhudza duwa lonse limathothoka pomwepo. Ambiri akaona zimenezi amathamangira feteleza kapena mankhwala a tizilombo, koma palibe chimene chimasintha chifukwa mtengowo sukudwala. Pa manambala munatchulawo, wa usikuwo ndi umene ukundidetsa nkhawa kwambiri. Dzuwa la masana mungalichepetse ndi mthunzi, koma usiku wa madigiri 25 mulibe chochita nawo.

Apa ndi pamene khalidwe la Roma VF limafunika kulimvetsa. Ndi mtundu waufupi, wokula ngati chitsamba mpaka kutalika kosapitirira kwenikweni mita imodzi, kenaka n'kuleka. Nsonga za nthambi zake zimathera m'maluwa, ndipo maluwa ambiri amatuluka m'milungu yochepa yoyandikana. Nyengo ikakhala yabwino zimenezi n'zokoma, chifukwa mumakolola zambiri nthawi imodzi. Koma milungu yochepayo ikagwera m'kati mwa kutentha, mwataya pafupifupi zonse. Mitundu yaitali, yomwe imapitiriza kukula ndi kutulutsa maluwa atsopano miyezi ingapo, imatha kutaya maluwa a m'nyengo yotentha n'kudzabereka kukazizira. Roma VF mwayi wachiwiri woterewu ali nawo wochepa kwambiri.

Choncho funso lisakhale loti lero kukutentha bwanji, koma loti kudzakhala kotani pa nthawi ya maluwa. Tiwerengere limodzi. Mbewu imamera pakati pa masiku 5 ndi 10 nthaka ikakhala pa madigiri 20 mpaka 30, ndipo imamera movutikira nthaka ikapitirira 35. Mbande zimakhala pa nazale milungu 4 kapena 5. Mukawokera, maluwa oyamba amaoneka patapita milungu 3 kapena 4, ndipo kuchita maluwa kwambiri kumatenga pafupifupi mwezi wina. Ndiye kuti kuchokera tsiku lofesa, nthawi yoopsa ndi kuyambira mlungu wa 8 mpaka wa 12. Zipatso zoyamba kupsa zimabwera pafupifupi masiku 75 mpaka 80 chiwokerereni, ndipo nambala ya masiku yolembedwa pa mapaketi a matimati kawirikawiri imawerengedwa kuyambira tsiku lowokera, osati lofesa. Tengani kalendala, ikani chala pa tsiku mukufuna kufesa, pitani patsogolo miyezi iwiri, muone mwezi wonse wotsatira. Ngati m'mwezi umenewo kwanu usiku umakhala utazizira kufika pa 20 kapena kutsikirapo, fesani. Ngati kutentha kumene mukunenaku kudzakhala kukadalipo, sungani mbewuyo m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira ndi ouma, mudikire. Mukadziwa nthawi imene kutentha kumatha, bwererani m'mbuyo milungu 8, ndipo tsiku limenelo ndilo lofesera. Mbande zazing'ono zimapirira kutentha kuposa maluwa, bola nazale ikhale ndi mthunzi wopepuka masana ndipo isaume.

Nkhani ya madzi nayo ili ndi masamu ake. Kukatentha ndi kuuma chonchi, dimba la matimati okula limataya madzi okwana malita 5 mpaka 7 pa sikweya mita iliyonse tsiku lililonse. Mukabzala motalikana masentimita 50 pa mzere ndi 90 pakati pa mizere, pa sikweya mita pamakhala mitengo iwiri ndi pang'ono, ndiye mtengo umodzi ukufuna malita 2 mpaka 3 pa tsiku. Mitengo yanu 30 ndi malita 60 mpaka 90, tsiku ndi tsiku, kuyambira maluwa mpaka kukolola. Dzifunseni moona mtima ngati mungakwanitse osadumphitsa. Ndikutero chifukwa matimati azitali ngati Roma ndi amene amagwidwa msanga ndi kuola kwa kunsi kwa chipatso. Kumayamba ngati kabanga konyowa kunsonga kumene kunali duwa, kenaka kamada, kuuma ndi kulowa mkati ngati chikopa. Chimachititsa ndi kusowa kwa kashiyamu m'chipatso chimene chikukula. Nthawi zambiri kashiyamuyo m'nthaka alimo, koma amayenda ndi madzi, ndipo mukathirira kwambiri lero n'kusiya masiku atatu, masamba amalanda madzi ochepawo ndipo nsonga ya chipatso imatsala osalandira. Mankhwala opopera sathandiza kwenikweni pamenepa. Thirirani m'mawa, patsinde, muyezo wofanana, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma wokhuthala masentimita 5 mpaka 8, kusiya kampata kozungulira tsinde. Mitengo 15 yomwa mokwanira idzakupatsani zambiri kuposa 30 yomwa mwa apo ndi apo.

Yang'ananinso zilembo zimene pa paketiyo palibe. Palibe N, ndiye kuti sapirira timinyongolotsi totupitsa mizu, timene timachuluka m'nthaka yamchenga yofunda. Palibenso TYLCV, matenda opiringiza masamba ndi kuwasandutsa chikasu, ofalitsidwa ndi tintchentche toyera timene timaswana kwambiri kukatentha ndi kuuma. Ngati m'madimba oyandikana nanu mumaona matimati opinimbira, masamba akumtunda ang'onoang'ono opindikira m'mwamba, Roma VF adzagwidwa chimodzimodzi.

Mukafuna matimati a m'nyengo yotentha yeniyeniyo, funani paketi imene yanena mosabisa kuti mtunduwo umagwira zipatso kukutentha. Solar Fire, wochokera ku yunivesite ya Florida, ndi Heatmaster ndi zitsanzo za haibulidi zopangidwira zimenezi, ndipo matimati ang'onoang'ono aja nawonso amagwira zipatso bwino kuposa akuluakulu kukatentha. Ngakhale amenewa amachepetsa zipatso masana akamafika 37, kungoti sakusiyani manja ali m'khosi.

Popeza paketi yanu inatsegulidwa kale ndipo sitikuona tsiku lake, yesani mbewuyo musanakonze nazale. Mbewu ya matimati yosungidwa pouma ndi pozizira imakhala yamoyo zaka pafupifupi 4, koma paketi yotsegula pamalo otentha imafooka msanga. Ikani njere 10 pa kansalu konyowa koma kosadontha madzi, kapindeni, kalowetseni m'kapepala ka pulasitiki osamanga kwambiri, n'kukaika pamthunzi m'nyumba. Muziyang'ana tsiku lililonse mpaka masiku 10. Zikamera 8 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Zikamera 5 mpaka 7, fesani kuwirikiza kawiri chiwerengero cha mbande mukufuna. Zikamera zosakwana 5, gulani ina, chifukwa mbewu yofooka choncho imatulutsanso mbande zofooka. Njerezo zikakhala zopakidwa utoto wapinki kapena wobiriwira, zili ndi mankhwala oteteza ku nkhungu, choncho sambani m'manja mukazigwira ndipo muzisunge kutali ndi ana.