Ma P atatu owonjezera aja achokera kuti?

"Ndikukonzekera mayeso a maketing'i. Ma P anayi ndimawamvetsa, koma atatu owonjezera aja ndimangowaloweza. Funso likabwera ndi nkhani ya bizinesi, ndimasowa poyambira. Ndithandizeni."

Poyambira pake ndi apa: atatuwo anabwera chifukwa ntchito yothandiza munthu sigulitsidwa ngati sopo. Anayi oyamba aja, katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa, amene amatchedwa ma P chifukwa m'Chingerezi mayina awo amayamba ndi P, anawasanja ndi E. Jerome McCarthy mu 1960, ndipo amakwanira bwino pa chinthu chimene chimapangidwa ku fakitale n'kukaikidwa pa shelefu. Mu 1981, Bernard Booms ndi Mary Jo Bitner anawonjezera anthu, ndondomeko ndi umboni wooneka ndi maso, poganizira mabizinesi monga mahotela, mabanki ndi makampani a ndege.

Sopo mukhoza kumugwira musanagule, ndipo amene anamupanga simudzaonana naye. Ku hotela zimasiyana. Usiku umene mukulipirawo simungauone usanafike, ndiye mumaweruza ndi zimene maso akuona. Thandizo limapangidwa inu muli pomwepo, choncho wokulandirani ndi mbali ya chimene mwagula. Komanso thandizo la lero likhoza kusiyana ndi la mawa, ndiye pamafunika ndondomeko yoti zinthu ziziyenda mofanana. P aliyense wowonjezera akuyankha vuto lake. Mukagwira zimenezi, kuloweza kwatha.

Tiyeni tiyese funso lofanana ndi la pamayeso.

Hotela ina ili ndi zipinda 60. Alendo amayamikira ulemu wa ogwira ntchito, koma akudandaula kuti madzulo amadikira mphindi 25 asanapatsidwe kiyi. Wolandira alendo amakhala mmodzi, ndipo mlendo aliyense amalemba fomu pamanja ngakhale anasungitsa kale chipinda pa intaneti. Kapeti ya pakhomo ndi yothothoka. Langizani manijala pogwiritsa ntchito ma P atatu owonjezera. Malikisi 12.

Ophunzira ambiri akangoona kudikira amathamangira kulemba kuti ogwira ntchito aphunzitsidwe kusamalira makasitomala. Apa malikisi amathawa, chifukwa funsolo lanena kale kuti anthuwo ndi aulemu. Vuto lalikulu lili mu ndondomeko. Werengani nokha: ngati fomu ndi kulipira zimatenga mphindi 5 pa mlendo mmodzi, alendo 6 akafika nthawi imodzi, womaliza adikira mphindi 25 asanafike n'komwe pa kauntala. Ndiye yankho labwino linganene kuti zimene mlendo analemba pa intaneti zizifika zokha mu kompyuta ya pa kauntala, iye azingoonetsa chiphaso n'kusaina. Zikatsika kufika pa mphindi 2, womaliza uja adikira mphindi 10 zokha. Musaiwale kutchula mtengo wake: pulogalamu ya kompyuta imafuna ndalama, ndipo ikafa tsiku lina mzere ubwereranso. Wochonga mayeso amakonda wophunzira amene waona mbali zonse ziwiri.

Pa anthu, nkhani si khalidwe koma chiwerengero ndi nthawi. Wolandira alendo wachiwiri aziikidwa pa kauntala maola amene alendo amachuluka okha, osati tsiku lonse, kuti malipiro asakwere pachabe. Mungawonjezere kuti wolandira alendo apatsidwe mphamvu zosinthira munthu chipinda payekha, osadikira manijala.

Kapeti ija ndiye umboni wooneka ndi maso. Apa ndi pamene ndimaona ambiri akusokoneza P ameneyu ndi malo. Malo ndi njira imene kasitomala amafikira thandizo: komwe hotela yamangidwa, webusaiti yosungitsirapo chipinda, maejenti a zaulendo. Umboni wooneka ndi zimene zimamuuza kuti thandizolo ndi lotani: yunifolomu, ukhondo wa zofunda, kuwala kwa magetsi, risiti. Dzifunseni: chinthuchi chikumufikitsa kasitomala, kapena chikumutsimikizira? Ndipo musangolemba kuti kapeti isinthidwe. Fotokozani kuti mlendo amene waima mphindi 25 ali ndi nthawi yokwanira yoiyang'anitsitsa, ndipo ayamba kukayikira zipinda asanazione.

Kalembedwe kake, pa P aliyense tchulani dzina, tengani mfundo ya m'funsolo, perekani langizo, kenako nenani chimene chisinthe kwa kasitomala ndi kwa bizinesi. Ndime yongotanthauzira mawu, yopanda hotelayo m'kati, imapeza malikisi ochepa kwambiri.

Funso likanena kuti mugwiritse ntchito onse 7, musawapatse mizere yofanana. M'nkhani ya hotelayi mtengo ndi kutsatsa zingotenga chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mwachitsanzo kuti kutsitsa mtengo kungobweretsa alendo ambiri pa mzere womwe uja. Nthawi yanu yambiri ipite pamene funsolo laika madandaulo.