Musagulenso mameseji dzina lanu lisanavomerezedwe ku manetiweki onse awiri

"Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi kuno ku Thyolo, tilipo mamembala 1,200. Tinagula mameseji ambiri pa intaneti kuti tiziwadziwitsa tsiku la malipiro a masamba, ndipo tinalembapo dzina la kalabu. Pa kompyuta akulemba Sent, koma anthu ambiri akuti sanalandire kanthu, ena akuti unabwera ndi nambala yachilendo. Chavuta n'chiyani? Nanga kampani yotchipa ndi iti, kapena tingosamukira pa WhatsApp?"

Alembi, poyamba imitsani kaye kutumiza, ndipo ndalama zina musaikemo. Ine ndili kuno ku Mulanje, ndimatumizira mameseji masukulu ndi ogulitsa zipangizo za ulimi a pa Chitakale ndi ku Limbuli, ndipo zimene mukunenazi zikuloza ku dzina lomwe silinalembetsedwe. Za WhatsApp ndisiyira ena. Ndingoti agogo ambiri amene amabweretsa masamba ku shedi ali ndi kafoni ka mabatani.

Mawu akuti Sent aja asakunamizeni. Amangotanthauza kuti kampani imene munagulako yalandira uthenga wanu n'kuukankhira kutsogolo. Kuti wafika pa foni ya mlimi ndi nkhani ina, ndipo imalembedwa mu lipoti lina lomwe pa tsamba lawo nthawi zambiri amalitcha Delivery Report. Litsitseni lipotilo. Mupezamo mawu onga DELIVRD, REJECTD, UNDELIV ndi EXPIRED. Loyambalo ndiye kuti wafika. REJECTD ndiye kuti wakanidwa pakhomo penipeni. UNDELIV walephera kuperekedwa. EXPIRED nthawi zambiri ndi foni imene inali yozima kapena kunja kwa netiweki mpaka nthawi yodikira inatha, zomwe sizachilendo m'midzi ya m'tsinde mwa phiri momwe anthu amatchaja foni pa msika.

Mukatero sanjani manambala a mamembala potengera mmene akuyambira: a TNM, oyamba ndi 088, paokha, a Airtel, oyamba ndi 099 ndi 098, paokha. Tiyerekeze kuti pa anthu 1,200 aja, 700 ali pa netiweki imodzi ndipo 500 ali pa inayo. Mukapeza kuti olephera amwazikana uku ndi uku, khumi apa makumi awiri apo, vuto ndi mafoni ozima ndi manambala olembedwa molakwika. Koma mukapeza kuti pafupifupi 700 onse alandira, 500 onse ayi, palibenso chofufuza. Mafoni 500 sangazime tsiku limodzi, onse a netiweki imodzi. Netiweki imeneyo yakana dzina lanu.

Chifukwa chake chagona pa mmene meseji inapangidwira. Malo amene pamaoneka dzina la wotumiza, amene pa tsamba lanu alembapo Sender ID, ndi malo ongolembapo basi. Mukamatumiza kuchokera pa foni yanu, netiweki imaikapo yokha nambala ya simu yanu. Koma mukamatumiza kuchokera pa kompyuta kudzera ku kampani, chilichonse chimene mwalemba m'kabokosiko chimapita mmene chilili, ndipo mu uthengamo mulibe chidindo chotsimikiza kuti ndinu mwini dzina. Munthu wakuba atha kulembapo dzina la banki kapena la Mpamba kapena la Airtel Money. Choopsa kwambiri n'chakuti foni imaunjika mameseji a dzina limodzi pamodzi, ndiye uthenga wabodza wakuti mwalandira ndalama umakagwera pansi penipeni pa mauthenga enieni a mwezi watha. Mayi wogulitsa nanazi pamsewu sangausiyanitse, amapereka katundu ndi chenji chomwe.

Mankhwala amene manetiweki anapeza ndi kuika sefa pakhomo lolowera mameseji ochokera ku makompyuta, pamodzi ndi mndandanda wa mayina ololedwa. Dzina lililonse pa mndandandawo limamangidwa ku mwini wake komanso ku kampani imene ikuloledwa kulitumiza. Zili ngati ku shedi kwanuko: masamba akhoza kukhala abwino bwanji, koma ngati wabwera nawo alibe nambala ya mlimi m'buku, pa sikelo sakwera. Dandaulo likapita ku netiweki kapena ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, kuti dzina lakuti likubera anthu, pamafunika munthu wodziwika woti ayankhe.

Palinso nkhani ya ndalama, ndipo imeneyi ogulitsa mameseji otchipa sakuuzani. Uthenga wochokera ku kompyuta ya bizinesi netiweki imaulipiritsa mtengo wake, wosiyana ndi wa munthu kulembera mnzake, ndipo wochokera kunja kwa dziko umakwera kuposa apo. Ndiye pali makampani amene amazemba mtengowu. Ena amadutsitsa uthenga wanu ku netiweki ya dziko lina kuti ulowe ngati wa munthu wamba. Ena ali ndi bokosi lodzaza masimu wamba lomwe limatumiza usiku ndi usana. Simu wamba singanyamule dzina la zilembo, n'chifukwa chake mamembala anu ena anaona nambala yachilendo m'malo mwa dzina la kalabu. Njira zoterezi zimayenda sabata ino, sabata ya mawa sefa yazigwira.

Zinatichitikira ndi sukulu ina yapulaiveti kuno. Kampani ina ya pa intaneti, sinditchula dzina, inatigulitsa pa mtengo wotsika ndithu ndipo inalonjeza kuti dzina lililonse limadutsa popanda mapepala. Uthenga unali wokumbutsa za fizi. Makolo ena anaulandira kuchokera ku nambala yakunja, n'kuyamba kuchenjezana kuti kwabwera akuba ogwiritsa ntchito dzina la sukulu. Ena sanalandire n'komwe, koma lipoti linalemba DELIVRD pa manambala onse, ngakhale pa simu imene inali m'dirowa ya ahedi, yosaikidwa m'foni. Lipoti lonena kuti aliyense walandira, osaphonya ndi mmodzi yemwe, ndi labodza. Ndalama sanabweze. Kuyambira pamenepo munthu akandiuza kuti "kwathu kuno dzina silifuna kulembetsa", ndimadziwiratu njira imene akudutsa.

Kulembetsako sikovuta, kumangofuna kudekha. Simupita nokha ku netiweki pokhapokha mukugula kwa iwo mwachindunji. Kampani imene mukugulako ndi imene imapereka pempho lanu, ndipo imalipereka ku netiweki iliyonse payokha. Kuvomerezedwa ku TNM sikukutsegulirani khomo ku Airtel, ngakhalenso kwinaku. Adzakufunsani satifiketi yolembetsera kalabu kapena kopaletivi yanu, kalata ya pa pepala la bungwe yosainidwa ndi wapampando komanso yodindidwa, yonena kuti dzinalo ndi lanu ndipo mwalola kampani yakutiyakuti kulitumiza, ndiponso chitsanzo cha uthenga umene muzitumiza. Pa chitsanzocho lembani zoona, monga tsiku la malipiro, tsiku la msonkhano ndi kubwera kwa feteleza. Mukalembetsa ngati zidziwitso kenako n'kumatumiza zotsatsa malonda, atha kulitseka dzinalo. Yembekezerani masiku angapo, nthawi zina masabata, choncho musayambe Lolemba malipiro ali Lachisanu. Ena amalipiritsa kandalama kolembetsera kamodzi, ena mwezi ndi mwezi, ndiye funsani zimenezi musanasaine.

Dzinalo lisapitirire zilembo 11, kuwerengera ndi mipata yomwe. Malire amenewa ndi a meseji yeniyeniyo, palibe kampani ingakuwonjezereni. `Alimi a Tiyi` ndi 12, silikwana. `AlimiATiyi` ndi 10, likukwana, komabe mwina angalikane chifukwa alimi a tiyi alipo ambiri kuyambira ku Thyolo mpaka ku Muloza. Amafuna dzina looneka kuti lachokera pa satifiketi yanu, ngakhale litafupikitsidwa. Mayina ngati `INFO`, `ALERT` kapena `MALIPIRO`, ndi alionse ofanana ndi a banki kapena boma, musataye nawo nthawi. Akalivomereza, muzililemba ndendende mmene analivomerezera. Sefa zina zimaona `AlimiATiyi` ndi `ALIMIATIYI` ngati mayina awiri osiyana, ndipo kampata kamodzi kowonjezera n'kokwanira kuti uthenga ukanidwe. Mukadzasintha kampani, dzina silikutsatirani lokha, kalata ija muyilembanso.

Kumbukiraninso kuti uthenga wobwera ndi dzina suyankhika. Mlimi akadina kuti ayankhe, supita kulikonse. Ikani nambala ya ofesi m'kati mwa uthengamo.

Pa funso la kampani yotchipa, ine sindiyambira pa mtengo. Ndimasankha ya m'dziko momwe muno, yokhala ndi ofesi yoti mutha kukwera minibasi ya ku Limbe n'kukagogoda, yolandira makwacha, ndipo ndimaifunsa ngati yalumikizidwa mwachindunji ku manetiweki onse awiri. Akati dzina latheka, gulani mameseji ochepa okha. Ikani mafoni anayi patebulo, awiri a Airtel awiri a TNM, imodzi mwa izo ya mabatani, kenako zimitsani imodzi. Tumizani. Atatu oyaka alandire ndi dzina lanu lenileni, ndipo yozimayo isalembedwe DELIVRD mpaka mutaiyatsa. Zikatero ndiye gulani zambiri.

Abale amene akuti mungogula bandulo ya mameseji pa simu yanu n'kuika kapulogalamu kotumiza pa foni, amenewo sanatumizepo kwa anthu 1,200. Simu imodzi ikatumiza mawu ofanana kwa anthu mazanamazana pa mphindi zochepa, sefa yomwe ija imaiona ngati ya m'bokosi lozembera, ndipo mutha kutsekeredwa nambala imene alimi onse amakuimbirani.

Mamembala a kufupi ndi malire amene anakupatsani manambala a ku Mozambique, oyamba ndi 258, achotseni pa mndandanda waukulu. Dzina lolembetsedwa kuno siligwira ntchito ku manetiweki a uko, ndipo mtengo wake ndi wina.

Kanthu kena kosakhudza dzina koma kamadya ndalama za ife olemba Chichewa. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili zilembo wamba. Mukangolowetsa chilembo chimodzi chachilendo, monga ŵ wa kadenga, kapena kachizindikiro kopindika kamene Word imaika yokha mu mawu ngati ng’ombe ndi m’mawa, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa 70. Ukapitirira pamenepo umadulidwa m'zidutswa za zilembo 67, chilichonse cholipira pachokha. Uthenga wanu wa zilembo 150, umene unayenera kukhala meseji imodzi, umasanduka atatu. Tingoyerekeza kuti mukugula pa K20 iliyonse: kwa anthu 1,200 ndi K24,000, koma ndi kachizindikiro kamodzi kaja ndi K72,000. Lembani uthengawo m'kabokosi ka pa tsamba lawo lomwelo, gwiritsani ntchito kachizindikiro kowongoka ka pa kiyibodi ndi w wamba, ndipo musanadine Send yang'anani kanambala ka pansi pa bokosi kakusonyeza kuti ndi meseji imodzi.