Sindinakhalepo pulifekiti, ndilembe chiyani za utsogoleri?

"Abale, ndikulemba fomu ya Mastercard Foundation Scholars Program, pulogalamu yolipirira ophunzira maphunziro a kuyunivesite, ndipo akufuna chimangirizo chofotokoza utsogoleri wanga. Ine sindinakhalepo pulifekiti kapena wapampando wa chilichonse. Chiyambire Fomu 2 ndakhala ndikulera azing'ono anga atatu chifukwa mayi amadwaladwala, komanso ndimathandiza komiti ya mjigo kwathu. Ndilembe zimenezi kapena ndingoisiya fomuyo?"

Achemwali, musaisiye. Koma musalembenso momwe mwalembera muno, chifukwa mawu oti "ndimathandiza komiti" sauza wowerenga chilichonse. Wosesa pamjigo amathandiza, wosunga ndalama amathandizanso. Wowerenga chimangirizo chanu akufuna kuona tsiku limodzi pamene anthu amene simukanatha kuwalamula anasintha zochita chifukwa cha inu. Pulifekiti ali ndi ahedi kumbuyo kwake, akalankhula ana amamvera poopa chibalo. Inu munalibe choopsezera anthu, ndiye ngati anthu anakumverani, nkhani yanu ndi yolemera kuposa yake. Ngakhale funso la Chevening, kwa ofuna masitazi ku Britain, limafunsa za kutsogolera ndi kukopa anthu, silifunsa mndandanda wa maudindo.

Ndikupatseni chitsanzo cha mwana wa achimwene anga wa ku Ntcheu, amene ndinamuthandiza kulemba zofanana ndi zanuzi. Poyamba analemba kuti amakonda kutumikira anthu a m'mudzi mwake ndipo anathandiza kukonzetsa mjigo. Ndinamufunsa funso limodzi: mjigowo unakhala wowonongeka nthawi yaitali bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani akuluakulu onse aja sanaukonzetse iwe usanabwere? Apa m'pamene nkhani inatuluka.

Mjigo wawo ndi wa Afridev, monga mijigo yambiri m'Malawi muno. Malabala a m'kati anali atadyeka, munthu amapopa mpaka kutuluka thukuta madzi osabwera. Kukonza kwake si kwa ndalama zambiri, koma unakhala miyezi inayi uli choncho, amayi akutunga kudambo. Vuto silinali malabala ayi. Anthu anali atasonkhapo kale, ndalamazo zinasowa, panalibe kope losonyeza amene anapereka, ndiye aliyense anati sindiperekanso. Mtsikanayu anayenda khomo ndi khomo n'kupeza kuti mabanja otunga pamjigopo ndi 46. Anapita kwa mekaniki wa mijigo wa m'deralo kukafunsa mtengo weniweni n'kuulemba papepala. Podziwa kuti mwana wamkazi wa zaka 17 sangangoimirira pabwalo, anadzera kwa agogo ake kuti akamupemphere mpata kwa amfumu. Pamsonkhano anapempha zinthu zitatu: banja lililonse lizipereka K500 pamwezi, ndalama zizisungidwa ndi amayi awiri osati munthu mmodzi, ndipo kope liziwerengedwa poyera mwezi uliwonse. Amene anasonkha kale aja anakana kwamtuwagalu. Iye anavomera kuti dandaulo lawo ndi loona, n'kupempha kuti iwowo ndiwo asankhe amayi awiri osunga ndalama. Mwezi woyamba anapereka mabanja 38, ndalama zinakwana K19,000, mjigo unakonzedwa. Pamene ankachoka, kope analisiya m'manja mwa mtsikana wina amene anamuphunzitsa kulembamo.

Onani kuti m'nkhani yonseyi mulibe dzina la udindo ngakhale limodzi. Onaninso kuti sanabise mabanja 8 amene sanapereke. Ndinamuletsa kulemba kuti mudzi wonse unagwirizana, chifukwa aliyense amene anakhalapo kumudzi amadziwa kuti zoterozo sizichitika, ndipo wowerenga akakayika chiganizo chimodzi amakayika zonse.

Kagawidwe ka mawu kamagwetsa ambiri. Yunivesite iliyonse imene ili mu pulogalamuyi imakhala ndi fomu yakeyake, ndiye onani malire a mawu pa fomu yanu. Tiyerekeze kuti akupatsani mawu 300. Vuto lisadye mawu opitirira 50. Zimene inu munachita zitenge pafupifupi 170, makamaka pamalo pamene wina anakana ndi momwe munamutembenuzira. Otsalawo ndi a zotsatira, ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zolumikiza nkhaniyi ndi maphunziro amene mukufuna. Ambiri amatembenuza: mawu 200 amathera kufotokoza umphawi wa m'mudzi, okha n'kuonekera kumapeto ngati mlendo.

Chinanso ndi chikhalidwe chathu. Tinaleredwa kunena kuti "tinachita", ndipo kunena kuti "ndinachita" kumamveka ngati kudzitama. Pamaliro ndi pamsonkhano wa mpingo n'koyenera, koma pa fomu kumakuphani. Mukamaliza kulemba, werengani kuti `we` alipo angati ndipo `I` alipo angati. Siyani `we` pa ntchito imene munagwiradi pamodzi, monga kusonkha. Pamene maganizo anachokera m'mutu mwanu, lembani `I` osachita manyazi.

Tsopano za azing'ono anu. Iyi ndi nkhani yabwino koma ndi yoterera, chifukwa imasanduka kulira msanga. Mavuto a pakhomo nthawi zambiri ali ndi malo ake ena pa fomu, pamene amafunsa za kapezedwe ka banja. Pa funso la utsogoleri musalembe kuti munavutika, lembani zimene munasankha. Kuphika ndi kuchapa tsiku ndi tsiku ndi ntchito, si utsogoleri. Koma ngati chimanga chinatsala matumba atatu mu Novembala ndipo inu ndi amene munawerengera kuti chifike kukolola, imeneyo ndi nkhani. Ngati amalume ankafuna kuti mng'ono wanu asiye sukulu akagwire ganyu, inu n'kupeza njira yowalankhulira mwaulemu mpaka anasintha maganizo, imeneyo ndi nkhani yaikulu zedi, poti kutembenuza mwinimbumba uli mwana si masewera. Ngati munagawa ntchito za pakhomo kuti aliyense apeze ola lowerenga, nenani momwe munagawira ndi kuti ndani anakhoza mayeso a Sitandade 8 pambuyo pake. Matenda a mayi atchuleni m'chiganizo chimodzi basi. Dzina la matendawo ndi chinsinsi chawo, afunseni kaye musanalilembe.

Ngati malo ndi ochepa, ine ndikanatsogoza nkhani ya mjigo, chifukwa kumeneko munakopa anthu amene si abale anu. Ya pakhomo ibwere mwachidule, isonyeze kumene munaphunzirira kuwerengera zinthu zochepa ndi kulankhula ndi akuluakulu. Koma ngati pamjigo mumangosesa ndi kuitana anthu kumsonkhano, musakokere nkhaniyo kuti ikule. Tsogozani ya pakhomo imene muli nayo yeniyeni.

Pali anzanu ena amene adzakuuzani kuti ingolembani kuti munali wapampando wa gulu la achinyamata, ndani adzafufuze. Ndinaonapo mnyamata wina atachita zimenezo. Pa intaviyu anamufunsa kuti gululo limakumana liti ndipo mkangano womaliza unali wa chiyani, anangoti kukamwa yasa. Komanso kalata ya wokuchitirani umboni iyenera kuyenda limodzi ndi chimangirizo chanu. Choncho musanatumize, pitani kwa aphunzitsi amene akukulemberani kalatayo, muwafotokozere nkhani ya mjigo ndi ya pakhomo, chifukwa mwina iwo amangokudziwani ngati mtsikana wofatsa amene ankachedwa m'mawa. Ngati kope la komiti lilipo, lijambuleni pafoni lero lomwe, kuti manambala amene mulembe akhale omwe ali m'kopemo.