Kwa anzanga a ku Tete okonzekera IELTS: musalinge pa malire enieni

Ife amene tinaphunzira m'sukulu za ku Mozambique tinakula ndi malikisi ochokera pa 0 kufika pa 20, ndipo tonse tinkadziwa kuti wopeza 10 wakhoza. Ambiri tinazolowera kuwerengera 10 ameneyo, n'kumaona ngati zopitirira apo ndi za ofuna kutchuka. Chizolowezi chimenechi ndi chimene ndikufuna kuti muchisiye, inu amene mwangofika kumene kuno ku Mangalande ndiponso inu amene mukadali ku Ulongwe, ku Tsangano kapena mumzinda wa Tete mukukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti mudzagwire ntchito ya unamwino.

Bungwe lolembetsa anamwino kuno, la NMC, limafuna bandi 7 pa mayeso onse pamodzi, 7 pa kumvetsera, 7 pa kuwerenga, 7 pa kuyankhula ndi 6.5 pa kulemba. Mwana wa achemwali anga, amene ndi namwino kwathu ku Angonia, anaona manambala amenewa n'kuwatenga ngati 10 wathu uja. Mphunzitsi wake atamuuza kawiri kuti nkhani zake zafika pa 6.5, iye anati basi zatheka, nalipira ndalama za mayeso, n'kuwoloka malire pa Calomue kukalemba ku Lilongwe. Zotsatira zinabwera motere: kumvetsera 7.5, kuwerenga 7, kuyankhula 7, kulemba 6. Mukaphatikiza zinayizo n'kugawa ndi 4 mupeza 6.875, ndipo malamulo a mayesowa amakweza nambala yotere kukhala 7. Choncho pepala lake linalembedwa 7 pamalo a bandi ya mayeso onse, ndipo anandiimbira foni akusangalala kuti wakhoza. Zinandipweteka mtima kumuuza kuti theka la bandi limene linasowa pa kulemba lagwetsa zonse.

Mwanayu sanali waulesi, ndipo woyesa sanamulakwire. Vuto linali lakuti 6.5 imene ankaidalira inali nsonga ya zimene amatha, imene ankaifika pa tsiku labwino, mutu wa nkhani ukamukomera. Kulemba ndi kuyankhula kumachongedwa ndi munthu wophunzitsidwa, amene amayang'ana zinthu zinayi. Pa kulemba amaona ngati mwayankha zimene mwafunsidwa, ngati maganizo anu akutsatana bwino, kuchuluka ndi kuyenera kwa mawu amene mwasankha, ndiponso galamala. Nkhani imene ili pakati pa 6 ndi 7 pa mbali ziwiri mwa zinayizi ikhoza kugwera uku kapena uko, ndipo anthu awiri oona mtima akhoza kusiyana ndi theka la bandi pa pepala limodzimodzi. Kuwonjezera apo, mphunzitsi amene amakudziwani amamvetsa zimene mumafuna kunena ngakhale simunazinene bwino, makamaka ngati nayenso amayankhula Chipwitikizi ndipo kamangidwe kathu ka ziganizo sikamudabwitsa. Woyesa sakudziwani, ndipo amangoona zimene zili papepala.

Ndiye malire odzitetezera akhale aakulu bwanji? Pa kulemba ndi kuyankhula ine ndimati theka la bandi. Ngati akufuna 6.5 pa kulemba, konzekerani ngati akufuna 7, ndipo ngati akufuna 7 pa kuyankhula, lingani pa 7.5. Koma chofunika kwambiri ndi mmene mumadziyezera. Lembani nkhani zisanu pa masiku osiyana, wotchi ili patebulo, popanda dikishonale, ndipo zina mwa izo muzipereke kwa munthu wachiwiri wodziwa kuchonga amene sakudziwani. Mukatero musatenge yokwera kwambiri, ndipo musatengenso yapakati, koma yang'anani yotsikitsitsa. Ngati yotsikitsitsayo yafika pa malire amene akufunidwa, ndipo zambiri zili theka la bandi pamwamba pake, mwakonzeka. Mwana wa achemwali uja titabwerera ku zolemba zake tinapeza 6, 6, 6.5, 6, 6.5. Zotsatira za mayeso sizinayenera kudabwitsa aliyense.

Kumvetsera ndi kuwerenga n'kosiyana, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi mafunso 40 ndipo yankho limakhala lolondola kapena lolakwa. Bandi 7 imafuna mayankho olondola pafupifupi 30, ngakhale kuti malire enieniwo amasuntha pang'ono malinga ndi kuvuta kwa pepala la tsikulo. Apa chokayikitsa chili mwa inu eni: chilembo chimodzi cholakwika pa mawu, kuiwala "s" wosonyeza zambiri, kapena kutaya mafunso awiri otsatizana chifukwa maganizo anachoka pang'ono, popeza mawuwo amamveka kamodzi kokha. Muzifika pa 33 kapena 34 kunyumba musanalembetse. Amene amapeza 30 kapena 31 ali m'chipinda chake chabata, akakhoza pa tsiku la mayeso ndiye kuti wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa mawu. Ntchito yoyamba ya kulemba imafuna mawu osachepera 150, yachiwiri osachepera 250, ndipo zonse ziwiri muzimalize m'mphindi 60. Zolowerani kulemba mawu pafupifupi 170 ndi 280. Amene amalemba 400 poganiza kuti akudziteteza amangochulukitsa zolakwa ndipo amasowa nthawi yowerenganso zimene alemba. Popeza ntchito yachiwiri imalemera kawiri kuposa yoyamba, ipatseni mphindi 40 zake zonse.

Ndiyenera kuchenjezanso amene amapitirira muyeso mbali inayo, chifukwa ndawaona ndipo amandimvetsa chisoni. Pali anthu amene akawopsezedwa ndi nkhani ngati ya mwana uyu amalumbira kuti sadzalembetsa mpaka atafika pa 8 paliponse. Kukwera bandi yathunthu pa kulemba kumatenga miyezi yambiri kwa munthu amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachitatu, pambuyo pa Chichewa ndi Chipwitikizi, ndipo nthawi yonseyo amakhala akulandira malipiro otsika kapena akudikira kumudzi. Choipa china n'chakuti wolinga patali kwambiri amayamba kuloweza mawu akuluakulu ndi ziganizo zazitali zimene sangathe kuzilamulira, ndipo galamala yake imaipa kuposa kale. Komanso malikisi owonjezera pa chigawo chimene mumachitha kale sathandiza chigawo chofooka, monga taonera kuti 7.5 ya kumvetsera sinapulumutse 6 ya kulemba. Nthawi yanu yambiri ipite kumene mwatsala pang'ono kugwa.

Mukaperewera ndi theka la bandi, pali njira yopempha kuti achongenso, yotchedwa Enquiry on Results, imene muyenera kuipempha pasanathe masabata 6 kuchokera tsiku la mayeso. Mumalipira, ndipo ndalamazo zimabwezedwa ngati bandi yakwera. Njirayi ili ndi phindu pa kulemba ndi kuyankhula ngati zoyeserera zanu zinali pamwamba pa zimene mwapatsidwa, koma pa kumvetsera ndi kuwerenga sikawirikawiri kuti china chisinthe. Olemba pa kompyuta alinso ndi One Skill Retake, yobwereza chigawo chimodzi pasanathe masiku 60, koma yambani mwafunsa ngati bungwe limene mukutumizako zotsatira limailandira ndiponso ngati malo anu olembera amaipereka.

Mwana wa achemwali uja sanapemphe kuti amuchongerenso, chifukwa zolemba zake zinasonyeza kuti 6 inali yoona. Anakhala miyezi inayi akulemba nkhani ziwiri pa sabata, madzulo akaweruka kuchipatala, ndipo analembetsanso pamene zisanu zomaliza zinali 6.5, 7, 7, 6.5, 7. Pa mayeso enieni anapeza 6.5.