Nkhani ya mu nyuzi kuisandutsa kavidiyo

"Abale ndithandizeni, ndili kuno ku Blantyre, ndimatenga nkhani za mu nyuzi kapena pa bulogu nkupanga timavidiyo ta pa TikTok, koma timatalika kwambiri ndipo anthu sakumationera mpaka kumapeto. Ndizidula bwanji?"

Asisi, ndikukhulupirira mukumatenga nkhani ija nkumafafaniza mizere ina kuti ifupike, pamenepo ndi pomwe pakuvuta. Nkhani yolembedwa imanyamula mfundo zambiri chifukwa owerenga amatha kubwerera m'mbuyo akasokonezeka, koma wa pa foni ali mu minibasi ya ku Ndirande, bandulo ikutha, akangosokonezeka chala chapita kale. Ndiye werengani nkhani yonse kawiri, itsekeni, muuze munthu yemwe muli naye pafupi zomwe zachitika m'chiganizo chimodzi. Chiganizo chimenecho ndiye vidiyo yanu. Mukaona kuti mukulowetsamo "komanso", dziwani kuti muli ndi mavidiyo awiri, inayo isungeni ya mawa.

Titenge nkhani yomwe tonse tikuikumbuka, ya mu Novembala 2023 pomwe Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nkhani ngati imeneyo mu nyuzi imakhala ndi zambiri, chikalata cha banki, za IMF, kusowa kwa ndalama zakunja, akatswiri a zachuma, andale kuyankhapo, zonsezo nzoona koma sizingakwane mu masekondi 40. Dzifunseni kaye kuti mukuyankhula ndi ndani. Ine ndikanasankha mayi wa geni wa ku Limbe yemwe amaoda katundu kunja, ndipo mfundo yake ikanakhala yoti ndalama yomwe ankaodera dzulo sikwananso lero. Sikiripiti yake nayi.

"Katundu wa madola 10 yemwe dzulo mumalipira K11,800, lero ndi K17,000. Reserve Bank yagwetsa kwacha, dola imodzi yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kaya ndi mafoni, kaya ndi belo la kaunjika, wooda akufunika makwacha ambiri kuti abweretse katundu yemwe uja. Ngati mumaoda kunja, werengeraninso mitengo musanagulitse zomwe zatsala mu shopu, kuopa kuti mungalephere kuodanso."

Taonani mmene yayambira. Mulibe moni, mulibe "lero ndabwera ndi nkhani yakuti", yangoyamba ndi ndalama ya m'thumba mwa munthu, ndiye chomwe chachitika chikubwera pachiwiri, kenako mmene chikumukhudzira, pomaliza choti achite. Nyuzi imakonda kuyamba ndi yemwe wanena, inu yambani ndi yemwe zamugwera. Ndipo 44 peresenti ija sindinaitchule dala, munthu samva kuwawa kwa peresenti, amamva K17,000.

Apa pali chinthu chomwe chimandipweteka mtima ndikamachiona. Pofuna kuti mfundo imveke yamphamvu ena amangoti "zinthu zonse zakwera ndi 44 peresenti", pomwe nkhaniyo sinanene zimenezo, yanena za mtengo wa dola. Tomato wa ku Bvumbwe sakwera tsiku lomwelo ndi mlingo umenewo. Mukamaliza kulemba tsegulaninso nkhani ija, mzere uliwonse wa sikiripiti muupezere pomwe wachokera, womwe ulibe pochokera uchoke. Mawu ngati "akuti", "akuganiziridwa", "apolisi ati" musamawadule pofuna kusunga nthawi, makamaka pa nkhani za milandu, chifukwa mukawachotsa ndinu amene mwamuweruza munthu, ndipo nkhani zoipitsa mbiri zimafika ku khothi. Tchulaninso nyuzi kapena bulogu yomwe mwatengako, koma zithunzi zawo musatenge osapempha, jambulani zanu.

Za kutalika musadalire kuwerenga mawu, Chichewa chathu mawu ake ngataliatali ndipo manambala amadya nthawi kwambiri pakamwa kusiyana ndi mmene amaonekera pa pepala. Werengani mokweza mukuyang'ana wotchi ya pa foni, pomwe mpweya wakutherani dulani chiganizocho pawiri. Ikapyola masekondi 45 chotsani mzere wathunthu, osati kuyankhula mothamanga.

Pepala ligaweni pakati, mbali imodzi zoyankhula, mbali inayo zooneka. Pa mzere woyamba uja ndikanaika K11,800 ndi K17,000 m'zilembo zazikulu pa sikirini, pa mzere wa kaunjika ndikanajambula belo likutsegulidwa mu msika, mwini wake nditamupempha. Jambulani foni itaima, 9:16, ndipo mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, mawu a pansi lembani nokha chifukwa ena amaonera foni ili pa sailenti.

Musanaponye, tumizirani munthu yemwe nkhaniyo sanaiwerenge mumufunse kuti wamva chani. Akakuuzani chiganizo chanu chija, ponyani. Akayamba ndi "ndamva za dola, kenako za kaunjika, kenako...", bwererani mukachotse mzere womwe wamupatutsa.